Amalume amene anandilera amwalira, kapitawo wangoti "pita, tidzaonana ukabwera"

Wakutali88
Abale, usiku wathawu ndalandira uthenga wa zovuta. Amalume anga atisiya. Ndi amene anandilera kuyambira ndili ndi zaka 6 mayi atamwalira, ndipo mtima wanga sungalole kuti awaike m'manda ine ndili kuno. Kuika ndi Loweruka.

Ndimagwira ntchito ku Joni, pa kampani ina yosunga ndi kutumiza katundu, Lolemba mpaka Lachisanu. Ndatha chaka ndi miyezi 7, mapepala anga ali bwinobwino. M'mawa uno ndamuuza kapitawo wathu tikutsitsa katundu m'lole, iye wangondigwira paphewa n'kunena kuti "pepa, pita, tidzaonana ukabwera." Sanalembe paliponse, sanafunse kuti ndibwera liti. Ulendo wa basi ndi masiku awiri kupita, awiri kubwera. Ndikufuna kunyamuka mawa Lachitatu, ndidzayambe ntchito Lolemba la sabata yachitatu. Malipiro a masikuwo sindikuwafuna, chimene ndikuopa ndi kudzapeza pamalo panga pali munthu wina. Ndinyamuke ndi mawu a kapitawowa? Kapena ndipemphe bwanji?

MayiWaAwiri
Pepani kwambiri achimwene. Mulungu akutonthozeni. Koma musapemphe tchuthi chosalipidwa ayi, mukudziba nokha. Lamulo la kuno limapereka masiku 5 olipidwa munthu akaferedwa. Ine mayi anga atamwalira abwana anga anandipatsa onse asanu, osadula ngakhale landi imodzi.

Chingalawa
Mphwanga, kapitawo wati pita. Ukudikiranso chiyani? Kagule tikiti.

Nyenyezi_yaMamawa
Pepani ndi zovutazi, a Wakutali88. Musanyamuke ndi mawu apakamwa okha. Ine ndakhala woimira anzanga m'bungwe la ogwira ntchito pafakitale yathu kwa zaka zingapo, ndipo milandu yotere imayamba chimodzimodzi: munthu anauza kapitawo ali pakhomo, kapitawo anati pita, munthu akubwera akupeza buku la ofika pantchito likusonyeza kuti anajomba masiku asanu ndi atatu popanda chilolezo. Kapitawo mwina sanachite mwadala, anangoiwala kukauza ofesi. Koma pomufunsa, ambiri amayamba kudziteteza, "ine ndinkaganiza kuti akupita masiku awiri."

Tsono za lamulo. A MayiWaAwiri, masiku 5 mukunenawo ndi oona, koma ndi a ogwira ntchito za m'nyumba, amene ali ndi dongosolo lawolawo. Kwa enafe, lamulo la za ntchito la ku South Africa lotchedwa BCEA, la 1997, gawo 27, limapereka masiku 3 olipidwa pa chaka. Pafomu ya tchuthi amalemba kuti family responsibility leave. Kuti muwapeze muyenera kukhala mutagwira kwa bwana ameneyo kupitirira miyezi 4, komanso muzigwira masiku osachepera 4 pa sabata. Zonse ziwirizi inu mwakwanitsa.

Vuto lili pa ubale. Lamulolo linatchula anthu ake: mkazi kapena mwamuna wanu, kholo, kholo lokulerani mwalamulo, agogo, mwana, mwana womulera mwalamulo, mdzukulu, ndi m'bale wanu wobadwa naye. Amalume mulibemo. Azakhali mulibemo. Apongozi mulibemo. Choncho masiku atatuwo bwana akhoza kukupatsani mwa chifundo chake, koma simungawaitanitse ngati ngongole.

MayiWaAwiri
Kodi! Ine ndimayesa ndi aliyense. Zikomo pondiwongolera. Koma zikundiwawa kuti munthu amene anakulera kuyambira uli mwana asawerengedwe.

Wakutali88
Nanga apo mwati kholo lokulera, a Nyenyezi? Si ndiye amalumewa?

Nyenyezi_yaMamawa
Mawu ali m'lamulowo amanena za kholo limene linakutengani kudzera ku khoti, pali chikalata chake. Ngati chikalata chotero chilipo, tumizitsani chithunzi chake lero lomwe, masiku atatu ndi anu. Ngati anangokutengani monga m'bale wa mayi anu, ndiye ofesi ikhoza kukana ndipo siinalakwe pa lamulo. Mutchulebe kuti ndi amene anakulerani. Mabwana ena akamva zimenezo amapereka. Onaninso kontirakiti yanu, chifukwa makampani ena analemba okha mndandanda wautali kuposa wa boma.

Wakutali88
Chikalata palibe. Anangobwera kudzanditenga maliro a mayi atatha.

Chingalawa
Ndiye ungonena kuti ndi bambo ako. Anakulera, si bodza limenelo. Ofesi ya ku Joni ikadziwa bwanji za kwanu?

Kapitawo_Wakale
Ayi, a Chingalawa, musamuponye m'dzenje mwanayu. Lamulo lomwelo limalola bwana kupempha umboni asanalipire masikuwo. Abweretsa chikalata cha imfa, dzina la malemu lasiyana ndi lake, ayamba kufunsidwa. Ndiponso m'faelo yake ku ofesi mwina analemba kale dzina la bambo ake polowa ntchito. Kujomba munthu amatha kuchenjezedwa n'kupitiriza ntchito, koma kunama kuti ulandire ndalama kukhoza kukuchotsetsa ntchito, ndipo kulikonse kumene ungakadandaule nkhani imakhala yolemera kwa iwe. Masiku atatu okha asamutayitse ntchito.

Ndikuuzeni mmene zimaonekera kumbali inayo, poti ndayang'anirapo anthu 14 mosungira katundu. Munthu akabwera n'kunena kuti "kwathu kwagwa maliro, ndikupita," mutu wanga umathamangira pa zinthu ziwiri: abwera liti, ndipo ntchito yake agwira ndani. Ndikapanda yankho la ziwirizi, ndilibe chokauza manijala. Anthu ambiri amalephera apa. Amafotokoza za imfa mwatsatanetsatane, matenda anayamba liti, anagonekedwa kuti, koma ukafunsa za kubwera amati "ndikangomaliza za kumudzi." Mawu amenewo kwa bwana amamveka ngati munthu akutsanzika. Munthu amene amabwera atalemba tsiku lonyamuka, tsiku loyamba ntchito, ndi dzina la mnzake amene wavomera kumugwirira, ndinkamusainira ndisanakhale n'komwe pansi.

Chingalawa
Inu mukuyankhula ngati bwana. Munthu waferedwa, mutu sukugwira, azikhalanso pansi kuwerenga masiku ndi kusaka womugwirira? Maliro n'kulirana, nawonso mabwanawo amaferedwa.

Kapitawo_Wakale
Zoona, mutu sugwira. N'chifukwa chake tili pano kuti timuwerengere ife.

Nyenyezi_yaMamawa
Tiyeni tiwerengedi. A Wakutali88, tengani kapepala ka malipiro ka mwezi watha. Pali pamene amalemba masiku a tchuthi cha pachaka amene mwatsala nawo. Alipo angati? Ndipo ngati simukuona vuto, mumalandira zingati pa mwezi asanadule kalikonse?

Wakutali88
Palembedwa masiku 4. Ena ndinatenga mu Disembala. Malipiro ndi R6,500.

Nyenyezi_yaMamawa
Chabwino. Masiku a ntchito amene mukufuna ndi 8: Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu la sabata ino, kenako Lolemba mpaka Lachisanu la sabata yamawa. Loweruka ndi Lamulungu musawawerenge, simugwira kale masiku amenewo, ndipo asakuduleni.

Malipiro a tsiku amapezeka motere. Lamulo limati mwezi ndi masabata anayi ndi gawo limodzi mwa atatu. R6,500 mukaigawa choncho ikupereka R1,500 pa sabata, ndiye kuti R300 pa tsiku. Mukapempha masiku onse 8 osalipidwa, kumapeto kwa mwezi mwataya R2,400. Koma simuyenera kutaya yonseyo. Ikani masiku anu 4 a tchuthi cha pachaka poyamba, osalipidwa atsale 4, ndiye mwataya R1,200 yokha. Ndipo gawo 20 la lamulo lomwelo limati ngati muli pa tchuthi chosalipidwa, mukapempha molemba kuti mugwiritse masiku anu a pachaka m'nthawi imeneyo, bwana ayenera kulola. Mawu ofunika ndi akuti molemba.

Chimene muyenera kudziwa n'chakuti tchuthi chosalipidwa pachokha si ufulu pa nkhani ngati iyi. Lamulo silikakamiza bwana kuchipereka. Ndi pangano la anthu awiri, ndipo pangano limene silinalembedwe ndi lovuta kulitsimikizira tsiku limene mwasemphana.

Lembani uthenga waufupi, m'chiyankhulo chimene mumagwiritsa ku ntchito, wonena izi:

"Amalume anga, amene anandilera ngati kholo kuyambira ndili ndi zaka 6, amwalira Lolemba usiku. Kuika ndi Loweruka kwathu, ndipo ulendo ndi wa masiku awiri. Ndikupempha kuchoka kuyambira Lachitatu, ndidzayamba ntchito Lolemba pa deti yakutiyakuti, nthawi ya masiku onse. Ndi masiku a ntchito 8. Ndikupempha kuti 4 achoke pa tchuthi changa cha pachaka, 4 akhale osalipidwa. Ngati kampani ingalole kuti atatu awerengedwe ngati tchuthi cha zovuta za m'banja, ndidzathokoza. Uje wavomera kugwira mbali yanga. Umboni wa imfa ndidzabwera nawo. Ndizipezeka pa nambala iyi."

Lembani madeti enieni, osati "sabata yamawa". Mutumize kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza tchuthi, kaya ndi manijala kaya ofesi yoona za antchito, kapitawo alandireko kope. Ngati pali fomu, dzazani, asaine, muijambule pafoni musanaipereke.

Tsabola_Wofiira
Pepani achimwene. Chinthu choyamba pitani ku ofesi ya kazembe, popanda kalata yawo thupi silidutsa pachipata. Ife za mchimwene wathu zinatitengera sabata yathunthu, komanso pamafunika kalata ya oumitsa thupi.

MayiWaAwiri
A Tsabola, werenganinso bwino. Malemu ali kumudzi komweko, amene ali kuno ndi mphwawoyu.

Tsabola_Wofiira
Aa, pepani, ndinawerenga mothamanga. Nkhani ya maliro ikangotchulidwa mutu wanga umabwerera ku zija.

Namwino_Kozizira
Pepani a Wakutali88. Ine ndili ku Mangalande, ndimasamalira okalamba, ndiye zanga n'zosiyana pang'ono, koma mwina wina pagulu pano zimuthandiza. Kuno lamulo la 1996 limalola kuchoka kanthawi koyenera ngati wamwalira ndi mkazi, mwamuna, kholo kapena munthu wa pakhomo pako amene umakhala naye, koma silinena kuti masiku angati, ndipo bwana sakakamizidwa kulipira. Chimene chinandidzidzimutsa ine ndi cha viza. Ngati unabwera pa viza ya ntchito imene bwana ndiye anakuimira, tchuthi chosalipidwa chikapitirira masabata 4 m'chaka chimodzi, kuyambira Januwale mpaka Disembala, bwana amayenera kusiya kukuimira, kupatula pa zifukwa zochepa monga matenda kapena uchembere. Amaphatikiza masiku onse a chakacho, osati ulendo umodzi wokha.

Bambo anga atamwalira ndinapempha masabata atatu. Manijala anatsegula kompyuta n'kundionetsa kuti ndinali nditatenga kale masabata awiri osalipidwa kumayambiriro kwa chaka, pamene ndinapita kukawaona akudwala. Ndinalira muofesi momwemo. Tinagwirizana kuti sabata imodzi ikhale yosalipidwa, ina ichoke pa holide yanga, ndipo ndinabwerera patangopita masiku anayi tiikire maliro. Mpaka lero zimandipweteka kuti ndinawasiya mayi misozi isanaume.

Mchenga_Wotentha
Kuno ku Dubai lamulo la 2021 limapereka masiku 5 olipidwa akamwalira mkazi kapena mwamuna, 3 akamwalira kholo, mwana, m'bale wobadwa naye, agogo kapena mdzukulu. Koma amayamba kuwerenga pa tsiku la imfa, osati tsiku limene wakwera ndege. Ukamamaliza kusaka tikiti, awiri atha kale. Amalume kunonso mulibemo. Ndipo ukajomba masiku opitirira 7 otsatizana popanda chifukwa chomveka akhoza kukuchotsa osakuchenjeza. Ndiye a Nyenyezi akunena zoona, pepala ndi lofunika kulikonse.

Chinanso, musalole bwana kukusungirani pasipoti. Ndi zoletsedwa, koma alipo amachitabe. Tsiku la zovuta ngati ili ndi pamene umazindikira kuti pasipoti yako ili m'kabati ya munthu amene wapita kokayenda.

Chingalawa
Zimenezo ndiye zinandichitikira ine papulazi ina. Anati akusunga kuti isatayike. Kuti ndiitenge ndinachita kupita ndi anzanga atatu.

GogoWaPafoni
Ana inu, nkhani ya mapasipoti tiikambe tsiku lina. Mwanayu basi yake ndi ya mawa. Mwanawe, wadya kanthu chilandirireni uthengawu? Uli ndi munthu pafupi?

Wakutali88
Zikomo agogo. Ndili ndi mnzanga amene timakhala limodzi, ndi yemweyo wavomera kundigwirira mbali yanga Lachinayi ndi Lachisanu, masiku amene malole amachuluka. Uthenga ndalemba monga a Nyenyezi anenera, ndatumiza kwa manijala pa WhatsApp nthawi yopuma masana. Wawerenga, timizere tasanduka tabuluu, koma sanayankhe. Maola awiri apita.

Kapitawo_Wakale
Musadikire pafoni. Pitani mukagogode. Kuwerenga uthenga si kuvomera, ndipo mukanyamuka pamenepa adzati "ndinaona koma sindinayankhe." Mukalowa musayambe ndi lamulo, musatchule gawo lakutilakuti. Ingonenani kuti mwabwera kudzamva za uthenga uja poti tikiti iyenera kugulidwa madzulo ano. Akavomera pakamwa, mupempheni mwaulemu ayankhe pa uthenga womwewo, ngakhale liwu limodzi. Akakhala waulesi kulemba, inu mukatuluka lembani nokha: "Zikomo povomera, monga tagwirizana ndichoka tsiku lakuti, ndidzayamba tsiku lakuti." Akapanda kutsutsa, muli ndi kanthu m'manja.

Ndipo lowani muli ndi malo obwerera m'mbuyo. Mwapempha 8. Mumtima dziwani kuti ochepetsetsa amene mungakwanitse nawo ulendowu ndi angati, kuti akayamba kudula musangoti kakasi.

Mlimi_waMphesa
Funso langa ndi ili: nanga akakana kwamtuwagalu? Ine ndikanapita basi. Ntchito zilipo zambiri, amalume ndi amodzi.

Nyenyezi_yaMamawa
Akakana, chisankho chimakhala cha mwini wake, ndipo ine sindingamuweruze munthu amene wasankha kukaika womulera. Koma pali kapitidwe kamene kamasiya khomo lotsegula. Musazime foni n'kusowa. Lembani kuti mwamva kukanako, koma simungachitire mwina, mukupita ku maliro ndipo mudzafika pantchito tsiku lakuti. Kusiyana kwa kujomba ndi kuthawa ntchito kwagona pamenepo: wothawa ntchito ndi amene alibe maganizo obwerera, pamene inu mwalemba tsiku lobwerera. Pobwera akhoza kukuimbani mlandu wochoka popanda chilolezo, izo zisakudabwitseni. Koma ayenera kukumvani kaye mbali yanu asanakuchotseni. Ngati akuchotsani ndipo mukuona kuti sizinayende mwachilungamo, muli ndi masiku 30 okha kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, kapena ku khonsolo ya mabwana ndi antchito a mtundu wa ntchito yanu ngati ilipo. Ku CCMA sikulipiritsa.

Sindikulonjeza kuti mukapita mwapambana. Amayang'ana zambiri: masiku anali angati, munachenjezedwapo kale kapena ayi, bwana anakana pa chifukwa chomveka kapena mwankhanza chabe.

Mlimi_waMphesa
Masiku 30 amenewo ndi amene anamugwetsa mnzanga wina. Anamuchotsa pafoni ali kumudzi, iye n'kukhala konko miyezi iwiri poti analibe ya basi. Pobwera anamuuza kuti wachedwa.

Nyenyezi_yaMamawa
Ukachedwa umatha kupempha kuti akukhululukire kuchedwako, pali fomu yake, koma uyenera kufotokoza chifukwa ndipo akhoza kukana. Bola kusachedwa.

Chingalawa
Zonse mukunenazi ndi za anthu a mapepala ndi makontirakiti. Ambirife tilibe kapepala ka malipiro, tilibe fomu, timalandira pamanja Lachisanu. Ife tilembere ndani?

Nyenyezi_yaMamawa
Lemberani amene amakulipiraniyo, pafoni pomwepo. Uthenga wa pafoni ndi umboni. Ndipo khoti la za ntchito kuno linagamula mu 2008 kuti ngakhale munthu amene chilolezo chake chogwirira ntchito sichili bwino amawerengedwabe ngati wantchito, akhoza kudandaula akachotsedwa mopanda chilungamo. Koma ndisakunamizeni, kwa munthu wotero vuto lalikulu silikhala kwa bwana, limakhala pachipata. Ngati masiku a m'pasipoti anapitirira, potuluka amakudinda kuti usalowenso: chaka chimodzi ngati unapitiriza masiku osaposa 30, zaka 5 ngati anaposa. Bwana akhoza kukusungira malo mokoma mtima, iwe n'kulephera kubwerera. Ndipo amene ali ndi pepala la othawa kwawo adziwe kuti kupita kudziko limene unati unathawa kukhoza kuthetsa pepalalo.

Chingalawa
Ndiye n'chifukwa chake enafe maliro timalirira pafoni. Mayi anga aang'ono ndinawaperekeza ndili kuseri kwa nyumba ya abwana, foni ili kukhutu, ndikumva anthu akuimba. Nditamaliza ndinapukuta nkhope n'kukapitiriza kuthirira maluwa.

GogoWaPafoni
Pepa mwanawe. Ndinakuona ngati wouma mutu m'mawa muja, kani uli ndi bala lako.

Wakutali88
Ndabwerako kwa manijala. Ndinagogoda monga a Kapitawo_Wakale ananenera. Anali asanamve n'komwe za malirowa kwa kapitawo, ndiye mukanapanda kundiletsa bwenzi nditanyamuka ofesi isakudziwa kanthu. Wandipepesa, koma wati masiku atatu olipidwa aja sangapereke poti amalume sali pa mndandanda, akapatsa ine ndiye kuti aliyense adzafuna. Pa masiku 8 wadulapo limodzi. Akufuna ndidzakhale pantchito Lachisanu la sabata yamawa chifukwa kuli kuwerenga katundu yense wa m'nyumbamo, ndipo tsiku limenelo salola aliyense kuchoka. Ndiye zakhala 4 a tchuthi changa, 3 osalipidwa. Wayankha pa uthenga uja, walemba madeti onse awiri, fomu ndasaina ndipo ndaijambula.

Nyenyezi_yaMamawa
Mwachita bwino. Ndiye kuti adzadula R900. Kapepala ka malipiro kakadzatuluka muonetsetse kuti adula masiku atatu okha, ndipo masiku a tchuthi atsika kuchoka pa 4, osati kudula kawiri pa tsiku limodzi. Zolakwika zotere zimachitika ku ofesi popanda munthu kufuna.

MayiWaAwiri
Ine ndikuonabe kuti akanapereka atatu aja. Zoti "aliyense adzafuna" si chifukwa. Ndi angati pakampanipo amene analeredwa ndi amalume kuyambira zaka 6? Mukabwera mukapemphenso, mwina mutatenga kalata yochokera kwanu yotsimikiza kuti anakulerani ndi iwo.

Kapitawo_Wakale
Ine ndingati asiye. Wapatsidwa masiku 7 pa chidziwitso cha tsiku limodzi, ndipo malo ake ndi otetezeka. Kubwereranso pa nkhani yomwe manijala watseka kumaononga ubale, ndipo mawa kudzagwa zina adzafunanso chifundo cha munthu yemweyo.

MayiWaAwiri
R900 kwa munthu amene wangochoka ku maliro si yochepa, bambo. Kupempha mwaulemu sikunaphepo munthu.

Nyenyezi_yaMamawa
Pamenepo ine ndili pakati. Aone yekha mmene manijala adzamulandirire. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ulendo wobwerera. Lachisanu m'mawa mukhale pantchito, ndiye kuti Lachinayi mukhale mutafika. Basi ya masiku awiri ikachedwa pachipata kapena kuwonongeka panjira, tsiku lathunthu limapita. Ine ndikanakhala inu ndikananyamuka kwanuko Lolemba kapena Lachiwiri m'mawa, osati Lachitatu, ndipo tikiti yobwerera ndikanagula lero limodzi ndi yopita. Kumudzi adzakuumirizani kuti mukhale pang'ono, pali zokambirana za ana a malemu, pali zakutizakuti. Tikiti ili m'thumba imathandiza kukana popanda kukhumudwitsa akuluakulu.

Zikavuta panjira, lembani kwa manijala nthawi yoyamba ntchito isanakwane, osati itadutsa. Tumizani chithunzi cha tikiti ndi cha pamene basi yaima, nenani nthawi imene mukuyembekeza kufika.

Namwino_Kozizira
Ndipo za umboni musadikire tsiku lonyamuka. Chikalata cha imfa nthawi zina chimachedwa kutuluka. Mukangofika funsani amene akuyendetsa zimenezo, ngati sichinatuluke jambulani chilichonse cholembedwa chimene chilipo, kaya kalata ya kuchipatala. Zidindo za m'pasipoti nazonso zimasonyeza masiku amene munatuluka ndi kulowa.

Mchenga_Wotentha
Nambala imene mwapatsa manijala ikagwira kwanuko? Ine ndinapereka ya kuno, nditafika kumudzi inali chete, ofesi inandisaka masiku atatu.

Wakutali88
Ndinalemba ya kuno, sindinaganize. Pa WhatsApp izigwirabe ndikapeza intaneti, koma ndimutumizira ya mchemwali wanga pompano kuti pakhale ziwiri. Matikiti ndagula onse, yobwerera ndi ya Lachiwiri m'mawa. Kumudzi ndawauza kale kuti zokambirana za ana zichitike Lamulungu kapena Lolemba ndilipo. Basi ikunyamuka mawa 10 koloko m'mawa.

GogoWaPafoni
Uyende bwino mwanawe. Pasipoti uike m'thumba la mkati usiku uno, usadzaisake m'mawa. Ukafika utidziwitse.